Za madola 6,000 aja, galimoto kapena chigayo?

Bambo Phiri (wapampando): Mwaswera bwanji nonse. Paja Lamulungu ku Mbare muno mu Harare tinasiyana nkhani isanathe chifukwa cha mvula ija, ndiye ndati ndiyiponye pano kuti amene sanabwere amvenso. Mthumba la gulu lathu la maliro muli madola 6,000 amene tinagwirizana kuti asangokhala, agwire ntchito. Maganizo alipo awiri. Achimwene a Yusufu akuti tigule Honda Fit yogwirapo kale tiyike dalaivala izipanga mushikashika, kunyamula anthu ngati takisi yosalembetsa, pomwe Mayi Nabanda akuti tigule chigayo cha dizilo tikachiyike ku Epworth pa malo a alamu awo. Ine zimene ndinamva ndi zoti galimoto ibweza mpamba wathu pa zaka 2 pomwe chigayo pa zaka 3, ndiye kwa ine zikuoneka zachidziwikire kuti galimoto yapambana, koma Chisomo anati tisavote kaye ali ndi mawu. Chisomo mwana wanga tiuze.

Yusufu: Bambo mwanena bwino, palibenso chovuta apa. Ndinawerengetsa ndekha, dalaivala akamapereka tageti yake tsiku ndi tsiku, tikachotsa sevisi, matayala, laisensi ndi inshuwalansi timatsala ndi madola 300 pa mwezi, chaka choyamba ndi 3,600 imeneyo. Chaka chachiwiri galimoto imakhala yayamba kutopa masiku ena ili ku galaja ndiye ndayika 2,400. Phatikizani muona 6,000 yathu yabwerera yonse zaka 2 zokha basi. Chigayo mpaka zaka 3 tikudikira, ndalama za maliro zimenezi abale sizofunika kuzitsekera nthawi yaitali

Mayi Nabanda: Achimwene ine sindinabise kuti chigayo chimayamba pang'onopang'ono. Chaka choyamba anthu sanakudziwe komanso pali shedi yoti timalize, ndinati 1,500. Chachiwiri 2,000. Kuyambira chachitatu 2,500 pa chaka titachotsa dizilo, malipiro a mnyamata, nyundo, masefa ndi malamba. Anthu kumeneko amalima chimanga mmalo opanda nyumba aja komanso oweta nkhuku amagayitsa chakudya cha nkhuku chaka chonse osati nthawi yokolola yokha ayi

Agogo a Mbewe: Ine ndafika mochedwa, kodi mukunena zoti amene wakongola ndalama za gulu abweze pa zaka 2? Ayi zimenezo ine ndakana, lamulo lathu ndi miyezi itatu

Chisomo: Ayi agogo si ngongole ya membala, palibe akukongola. Tikunena nthawi imene bizinesi imatenga kuti ndalama imene talowetsa ibwerere mthumba, ku ofesi kwathu timangoti peyibaki. Mukagula chinthu cha 6,000, mumawerenga ndalama zimene chikukupatsani chaka ndi chaka mpaka zikwane 6,000, pamenepo mwati mpamba wabwera.

Ndiye bambo Phiri masamu a achimwene a Yusufu ndi olondola, zaka 2 ndi zoona, a Mayi Nabanda zaka 3 ndi zoonanso chifukwa 1,500 ndi 2,000 ndi 2,500 zikukwana 6,000 ndendende. Chimene ndinakanira kuvota ndi choti kawerengedwe kameneka kamaima tsiku limene mpamba wakwana, zobwera mawa lake sikaziona nkomwe. Koma ife sitikulowetsa ndalama kuti ingobwerera momwe inalili, tikanafuna zimenezo bwenzi tangoisiya mu kabokosi. Phindu lonse limene tikulifuna lili kuseri kwa tsiku limenelo, kumene peyibaki yasiya kuyang'ana. Ndiye funso langa kwa achimwene a Yusufu ndi loti chaka chachitatu galimotoyo ikupereka zingati, nanga chachinayi?

Yusufu: Chachitatu mwina 1,200, ndinene chilungamo mushikashika umapha galimoto, anthu 6 kapena 7 mgalimoto ya anthu 5 ndi maenje a mmisewu yathu ino mashoko ndi giyabokosi sizikhalitsa. Ikatha zaka 3 timangogulitsa kwa ophwasula mwina madola 500

Chisomo: Zikomo achimwene poyankha mosabisa. Nanga mayi chigayo chingakhale zaka zingati?

Mayi Nabanda: Cha malemu bambo anga kumudzi ku Dedza chinagaya zaka zoposa 10, bola kusintha oyilo nthawi yake ndi mabelingi. Koma tiyeni tingoti 8 kuti tisadzinamize

Chisomo: Chabwino tiyike pamodzi. Galimoto itipatsa 3,600 ndi 2,400 ndi 1,200 ndi 500 ya zitsulo, zonse 7,700. Tikachotsa 6,000 yathu phindu lenileni ndi 1,700 pa moyo wake wonse. Chigayo pa zaka 3 zoyamba chabweza 6,000, kenako chatsala ndi zaka 5 chikupereka 2,500 chaka chilichonse, imeneyo ndi 12,500 yapamwamba. Ndiye onani, galimoto yatsogola ndi chaka chimodzi pobweza mpamba koma ikangobweza yatsala pang'ono kufa, pomwe chigayo tsiku limene chabweza mpamba ndi pamene chayamba kumene kutidyetsa. Munthu wongoyang'ana 2 ndi 3 asankha 1,700 nkusiya 12,500 osadziwa kuti wasiya kanthu, chifukwa nambala imeneyo siinalowe mmasamu ake olo pang'ono.

Kuti muone kuti vutolo ndi lalikulu, tayerekezani chigayocho chikanapereka 25,000 pa chaka kuyambira chachinayi, peyibaki yake ikanakhalabe zaka 3. Chikanaphulika tsiku loyamba la chaka chachinayi osaperekanso kalikonse, peyibaki zaka 3 zomwezo. Muyeso umene sukusuntha chinthu chikalemeretsa kapena chikafa sungatiuze wokha kuti chabwino ndi chiti.

Limbani: eeh koma ndiye zamveka. ine ndimaona ngati chobweza msanga ndiye chaphindu kwambiri

Bambo Phiri (wapampando): Inenso ndimaganiza choncho Limbani

Yusufu: Achemwali dikirani kaye simunandipatse chilungamo chonse. Galimoto ikafa pa zaka 3 sindikhala manja lende mpaka chigayo chanu chikwanitse zaka 8, ndigula ina ndi ndalama yomwe yabwerayo nkuyambiranso. Inu mwawerengera chigayo zaka 8 ine zaka 3 zokha, si mpikisano wofanana umenewo

Chisomo: Apo mwanena zoona ndithu ndipo ndimafuna wina anene. Tiwerenge choncho. Galimoto iliyonse ikutisiyira 1,700 pa zaka 3. Mugule yachiwiri, kenako yachitatu, zaka 9 zatha mwapeza 1,700 katatu, ndi 5,100. Chigayo pa zaka 8 chapereka 12,500. Mpata wachepa koma ukadali waukulu, ndipo dziwani kuti pa galimoto mpamba uja mukuwubwezeranso mumsewu zaka 3 zilizonse, sikuti wabwera nkukhala mthumba ayi

Yusufu: Komabe chaka choyamba ine ndagwira 3,600 mmanja inu 1,500. Kusiyana kwa 2,100 kumeneko ndingakongoze mamembala pa chiwongola dzanja ikuswa, yanu ikadali mu chigayo

Amalume a Kaliati: Ndilankhuleko ine monga munthu amene ndakhala mu Harare muno kuyambira 1979. Ana inu mukuwerenga zaka 8 ngati mukuwerenga masiku a sabata. Mu 2008 tinaona ndalama ikusungunuka mmanja, mmawa mtengo wina madzulo wina, penshoni za anthu amene anagwira ntchito zaka 30 mmafakitale ku Workington ndi ku Southerton sizinagule olo thumba la ufa. 2009 tinayamba madola a ku America tinati tapuma. 2019 ndalama za mmabanki zimene timati ndi madola zinasanduka ndalama ya dziko lino ya RTGS. 2024 kunabwera ina ya ZiG. Ndiye munthu akandiuza kuti chaka cha 7 ndidzalandira 2,500 ine ndimafunsa kuti 2,500 ya chani? Amene amafuna mpamba wake ubwere msanga mdziko muno si wopusa, anapsapo. Mbalame imene ili mmanja ndiye yako

Mayi Nabanda: Amalume chigayo si ndalama ya mbanki, ndi chitsulo, ndalama ikasintha ife timasintha mtengo wogayitsira ndowa basi, olo zitavuta anthu amalipira ndi chimanga kapena kusiya gaga ife nkugulitsa kwa a nkhumba. Nsima anthu sadzasiya kudya

Chisomo: Amalume mawu anu ndi amene amapangitsa kuti peyibaki isatayidwe olo ili ndi chilema chimenechi, ngakhale makampani akuluakulu amaiwerengabe. Imayankha funso loti ndalama yathu ikhala pangozi nthawi yaitali bwanji, ndipo kwa gulu la maliro ngati lathu funso limenelo ndi lofunika. Chimene siyankha ndi choti tipindula zingati. Ndi mafunso awiri osiyana ndipo Lamulungu tinatsala pang'ono kutenga yankho la loyamba nkuliyika pa lachiwiri.

Koma nkhawa yanu ndi ya achimwene a Yusufu ili ndi njira yoiwerengera popanda kutaya zaka zakutsogolo zonse. Mmalo monena kuti ndalama ya chaka cha 7 kulibe, timati ilipo koma ndi yopepuka, timaichepetsa mphamvu chaka chilichonse chimene tikuidikira. Tinene kuti ife monga gulu sitilola kudikira chaka pokhapokha ndalama itaswa 20 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti madola 120 a chaka chamawa ndi ofanana ndi 100 ya lero. Ndalama ya chaka choyamba timagawa ndi 1.2, ya chachiwiri timagawa ndi 1.2 kawiri, ya chachitatu katatu, choncho mpaka kumapeto.

Galimoto: 3,600 ikhala 3,000, 2,400 ikhala 1,667, ndipo 1,700 ya chaka chachitatu pamodzi ndi zitsulo ikhala 984. Zonse 5,651. Sizinafike 6,000, ndiye kuti pa muyeso umenewu galimoto sibweza nkomwe mpamba, yaperewera ndi 349.

Chigayo ndisakutopetseni ndi manambala onse 8, koma 2,500 ya chaka chachinayi ikhala 1,206, ya chaka cha 8 ikhala 581 yokha, mwaona amalume momwe tailangira chifukwa chochedwa. Komabe zonse pamodzi zikukwana 8,412, yaposa mpamba ndi 2,412. Amene ali ndi Excel pa foni alembe ndalama za zaka 8 kuyambira B2 mpaka B9 kenako

```
=NPV(0.2,B2:B9)-6000
```

aona yekha. 6,000 ikhale kunja kwa mabulaketi choncho chifukwa imatuluka lero, mukaiyika mkati nayonso ichepetsedwa ngati ya chaka chamawa yankho lilakwika.

Limbani: ndayesa yandipatsa 2,412 shuwa. koma 20 imeneyo mwaitenga kuti achemwali, bwanji osati 10 kapena 40

Chisomo: Ndangoisankha ine kuti tione chitsanzo Limbani, si lamulo, gulu ndi limene liyenera kugwirizana. Mukayika 40 zonse ziwiri zikugwa, chigayo chikhala pa 4,857 galimoto pa 4,415, kutanthauza kuti ngati tilidi ndi kwina kumene ndalama ingaswe 40 pa 100 chaka ndi chaka mosaphonya ndiye tisagule chilichonse mwa ziwirizi. Koma onani kuti olo pamenepo chigayo chikadali pamwamba

Anachisale: Ine masamu a mabulaketiwo sindiwatsata koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira chifukwa ndi nkhani yomweyi koma mbali inayo. Zaka zapitazo ndinagula mafiriji awiri ndi sola ndi mabatire kuti ndizigulitsa nkhuku zozizira ndi mafirizesi ku Mufakose magetsi akazima, zonse madola 1,800. Ndimapeza 150 pa mwezi ndiye pa miyezi 12 ndalama yanga inabwera, ndinasangalala ndinayamba kudya phindu, fizi ya ana, lenti, osasunga kalikonse poti mumtima ndimati mpamba ndabweza kale. Mwezi wa 20 mabatire onse anafa, anali a mtundu wotchipa uja, usiku umodzi nkhuku 40 zinaonongeka ndinazipeza mmawa madzi ofiira ali pansi pa firiji fungo lili thoo. Mabatire atsopano madola 700, nkhuku zina 200. Ndiye zimene zimabwera mpamba utabwerera si zolowa zokha ayi, zotuluka zikuluzikulu zimabisalanso komweko. Mayi Nabanda injini ya chigayo siidzafuna kutsegulidwa pa zaka 8 zonsezo?

Mayi Nabanda: Pepani asisi zinali zowawa zimenezo. Mwandikumbutsa, mu 2,500 muja ndinawerengera nyundo, masefa, malamba ndi oyilo koma kutsegula injini sindinayike, mapisitoni ndi maringi ndi mmisiri wa ku Magaba zingadye 800 mwina cha mchaka chachisanu

Chisomo: Anachisale mwathandiza kwambiri. Chimenecho ndi chilema chomwecho, peyibaki siona ndalama yolowa mochedwa komanso siona ndalama yotuluka mochedwa, ndiye chinthu chimene ndalama zake zazikulu zokonzera zimabwera kumapeto chimaoneka chokongola kuposa momwe chilili. Chizindikiro chake nchosavuta, mukaona munthu akukuonetsani pepala limene manambala ake athera pa chaka chimene mpamba wabwera, mufunseni kuti mzere wotsatira uli kuti. 800 ya chaka chachisanu tikaichepetsa monga muja ikhala 322, ndiye 2,412 ija itsika kufika pa 2,090. Chigayo chikadali bwino koma pepala lathu likuyenera kukhala ndi mzere umenewo

Amalume a Kaliati: Mwana wanga Chisomo masamu ako ndawamva ndipo sindikutsutsa. Koma onse akhazikika pa zaka 8, ndiye ndifunse Mayi Nabanda, malo a alamu anuwo ali ndi mapepala? Nanga ife tili ndi chikalata chotani ndi iwowo? Chifukwa galimoto ili ndi matayala zikavuta timaiyimika pakhomo pa wapampando, chigayo chamangidwa pa simenti pa malo a munthu wina. Tinaona mu 2005 nthawi ya Murambatsvina zomanga zopanda mapepala zikugwetsedwa, anthu athu ambiri ku Mbare ndi ku Epworth komweko anataya zonse

Mayi Nabanda: Alamu anati atipatsa zaka 4 polemba, zikatha tidzakambirananso. Za mapepala a kukhonsolo ndikawafunsa ndione ndi maso anga

Yusufu: Ehee zaka 4 osati 8! Achemwali werengeraninso pamenepo

Chisomo: Ndawerenga achimwene ndipo apa zasinthadi. Zikathera pa zaka 4 chigayo chatipatsa 8,500, phindu 2,500, chikuposabe 1,700 ya galimoto koma pang'ono. Tikachepetsa ndi 20 uja zikukwana 5,291 yokha, pansi pa 6,000. Tikachizula nkugulitsa mwina 1,500, imeneyo lero ndi 723, zonse pafupifupi 6,015, ndiye kuti tangobweza basi palibe chimene tapindula. Ndiye ubwino wonse wa chigayo wagona pa chaka chachisanu mpaka cha 8, zaka zimene pakadali pano tilibe chikalata chake. Ine sindikubweza mawu anga oti tisasankhe ndi peyibaki yokha, koma amalume akunena zoona kuti ndalama yakutsogoloyo tisaiwerenge ngati ili kale mmanja

Limbani: koma chigayo sichingasamuke? kuchimasula pa simenti nkukachiyika kwina

Mayi Nabanda: Chimasamuka mwana wanga, mabawuti okha, koma shedi ndi simenti zimatsala komanso makasitomala umayambiranso pa 1,500 paja

Agogo a Mbewe: Tsopano ndamva nkhani yake. Langa ndi limodzi, chaka chatha tinaika maliro atatu ndipo amodzi tinanyamula thupi mpaka ku Ntcheu kudzera ku Nyamapanda, munaona ndalama zimene zinapita. Mukatsekera 6,000 yonse kaya mu chigayo kaya mgalimoto, maliro awiri akagwa mwezi umodzi chaka choyamba tidzatenga kuti? Ine zaka 8 mwina sindidzaziona, ndikufuna ndidziwe za chaka chino

Bambo Phiri (wapampando): Agogo musatero Mulungu akusungani. Thumba la maliro lili padera lili ndi 2,200 sitikulikhudza, koma mfundo yanu ndi yoona kuti ndi lochepa maliro a kumudzi akagwa awiri

Chisomo: Funso la agogo ndi limene peyibaki imathandizadi. Tingagwirizane kuti chilichonse chimene sichibweza mpamba pofika zaka 3 kapena 4 sitichiganizira nkomwe chifukwa ndife gulu la maliro, imeneyo ikhale sefa yoyamba. Zimene zadutsa pa sefayo ndiye tizisankha poyang'ana ndalama zonse mpaka kumapeto, zolowa ndi zotuluka zomwe. Kungoti malirewo tisawaike mwachisawawa, tikanati zaka 2 chigayo chikanagwa pa sefa tisanaone nkomwe 12,500 ija

Yusufu: Ine ndikadali pa galimoto mpaka ndione chikalata cha zaka zoposa 4. Komanso 2,500 ya Mayi Nabanda ndi yongoganizira, wina akadzayika chigayo chake pafupi chaka chachitatu ndiye bwanji? Yanga 300 pa mwezi ndikuidziwa chifukwa mnzanga ali nayo Fit ikuyenda pano

Anachisale: Achimwene yanunso ndi yongoganizira, mushikashika ndi wosaloledwa galimoto ikagwidwa sabata yonse ili kupolisi tageti palibe, ikachita ngozi ndi anthu 7 mkati inshuwalansi ikana ndipo dzina la gulu ndi limene lili pa buku

Yusufu: Zimenezo ndiye tingailembetse ngati takisi yovomerezeka koma 300 ija itsika, ndiwerengenso usiku uno

Bambo Phiri (wapampando): Chabwino tichite chonchi. Mayi Nabanda mukaonane ndi alamu anu sabata ino muone mapepala a malo komanso muwafunse ngati angalembe zaka 8 kapena 6 olo titamawapatsa kalenti pang'ono, muyendenso muone zigayo zina zili pafupi zingati. Achimwene a Yusufu mubweretse manambala a takisi yolembetsa mpaka chaka chimene galimoto idzagulitsidwe osati kuthera pa chachiwiri. Chisomo utikonzere pepala limodzi la zonse ziwiri chaka ndi chaka, uyikemo 800 ya injini, ndipo ulisindikize zilembo zikuluzikulu agogo a Mbewe awerenge okha. Kuvota Lamulungu likubwerali kulibe

Mayi Nabanda: Ndipita Lachinayi, Limbani undiperekeze ukajambule mapepalawo pa foni

Limbani: bho mayi, tikumane pa Fourth pokwerera makombi 9 koloko

Amalume a Kaliati: Mukafunsenso ngati malowo ali mdzina la alamuwo kapena la malemu bambo awo, chifukwa ngati ndi a malemu ndiye abale ena onse asayinenso